Kalembedwe ka memo yopempha dayirekitala kuti awonjezere bajeti yotsatsira malonda pa masamba a mchezo

Memo yanga yoyamba yopempha ndalama zowonjezera inabwerera pa desiki yanga tsiku lomwelo. Ndinali nditadzaza masamba atatu: chiwerengero cha anthu amene anaona mauthenga athu pa Facebook, ma Like, ndemanga zotiyamikira, mpaka zithunzi zomwe. Abwana anangolemba pakona ndi cholembera chofiira kuti, "Nanga tagulitsa zingati?" Yankho ndinalibe. Ndinali nditawauza kuti tikutchuka, pamene iwo ankafuna kudziwa ngati kwacha imene akundipatsa ikubwerera itabereka.

Malangizo ali m'munsiwa ndi oyankha funso limenelo lisanafunsidwe. Ndikudziwa kuti m'maofesi ambiri kuno kwathu memo imalembedwa m'Chingerezi, koma masamu ake ndi kasanjidwe kake n'chimodzimodzi. Kuti zimveke, tiyerekeze kuti mumagwira ntchito pa kampani ya ku Lilongwe yogulitsa zipangizo za sola zowunikira m'nyumba, ndipo mumatsatsa pa Facebook ndi mauthenga amene munthu akadina amafikira pa WhatsApp ya kampani. Manambala onse ndi achitsanzo, inu muikepo anu.

Choyamba: yambirani ku ofesi ya akauntanti, osati ku Facebook

Musanatsegule kompyuta, pitani mukafunse zinthu ziwiri. Choyamba, pa katundu mmodzi akagulitsidwa kampani imatsala ndi zingati tikachotsa mtengo woodera, msonkho wa pachipata, mayendedwe ndi komishoni ya wogulitsa. M'chitsanzo chathu seti imodzi ya sola ikugulitsidwa K180,000, koma yotsala ndi K45,000. Imeneyi ndiye nambala yogwirira ntchito. Ofisala ambiri amalakwitsa pomwepa: amalemba kuti "tawononga K1,800,000 ndipo tapeza K16,200,000", n'kumadzitama kuti ndalama yabwerera kasanu ndi kanayi. Dayirekitala amadziwa bwino kuti zambiri mwa ndalamazo n'za woodetsa katundu, ndipo akangoona chiganizo chotere amayamba kukayikira memo yonse.

Chachiwiri, funsani ndalama zimene zinatulukadi ku banki m'makwacha. Meta, kampani ya eni ake a Facebook, imatilipiritsa m'madola, ndiye nambala ya Amount spent imene mukuiona mu Ads Manager, tsamba loyendetsera kutsatsa pa Facebook, si imene ili pa sitetimenti ya khadi. Banki ili ndi mtengo wake wa dola pa tsikulo, kuwonjezapo zolipiritsa zake. Mu memo mulembe ya pa sitetimenti, chifukwa akauntanti akadzafunsidwa adzatchula yomweyo. Manambala anu ndi ake akasiyana pamaso pa abwana, wokhulupiriridwa ndi iyeyo.

Mudakali komweko funsaninso ngati khadi la kampani lingathe kulipira madola ochulukirapo pamwezi. Ndalama zakunja n'zosowa ndipo mabanki amaika malire pa makhadi. Malipiro akakanika, Meta imaimitsa mauthenga anu mpaka ngongoleyo italipidwa. Palibe phindu kupatsidwa siginecha ya ndalama zimene simungathe kuzitumiza.

Chachiwiri: lumikizani mauthenga ndi malisiti

Apa ndiye pali ntchito, ndipo ndi pamene memo imapambanira kapena kugwera. Ads Manager ikuuzani kuti anthu angati anayamba kucheza nanu, pa mzere wa Messaging conversations started. Sikuuzani kuti ndani analipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ndi ndalama m'manja pa kauntala. Mlatho umenewo mumanga nokha.

Njira yosavuta ndi iyi. Uthenga uliwonse wamalonda ukhale ndi mawu oyambira amene amadzilemba okha kasitomala akadina, ndipo mawuwo akhale ndi kachizindikiro, monga "Ndikufuna kudziwa za sola, SL2". Woyankha mauthenga azilemba mu Excel tsiku, kachizindikiroko, nambala ya foni ndi boma limene munthuyo ali. Kumapeto kwa sabata iliyonse mufananize manambala a foniwo ndi a pa malisiti. Pa kauntala pazikhalanso funso lakuti "munamva kuti za ife?", ngakhale ili lokha silokwanira, chifukwa munthu amatha kunena kuti anamva pa wailesi chonsecho inu simunatsatsepo pa wailesi.

Ngati simunachite zimenezi m'miyezi yapitayi, musathamangire kulemba memo. Khalani pansi masiku awiri ndi foni ya kampani ndi buku la malisiti, mufufuze chobwerera m'mbuyo. N'kotopetsa, maso amawawa, koma zimatheka. Zikakanika, dikirani mwezi umodzi mukulemba bwino, kenako mupemphe.

Mukapeza chiwerengero, chisefeni. Tinene kuti kuyambira Julayi mpaka Seputembala anthu 1,200 analemba uthenga, ndipo 112 mwa iwo anagula. Mutayang'anitsitsa mwapeza kuti 22 ndi makasitomala akale, amene akanabwerabe ngakhale popanda kutsatsa. Achotseni, mutsale ndi 90, ndipo mu memo munene kuti mwawachotsa. Chiganizo chimodzi chimenechi chimagwira ntchito yoposa tsamba lathunthu la zithunzi, chifukwa chimasonyeza kuti mwadzitsutsa nokha abwana asanakutsutseni.

Zimene Meta imadziwerengera yokha muzizitenga mosamala. Pa malonda ochitikira pa webusayiti, kawirikawiri imadzipatsa ulemu ngati munthu wagula m'masiku 7 atadina uthenga kapena m'tsiku limodzi atangouona. Ena mwa anthuwo anali kale pa njira yogula. Risiti ndi umboni wolimba kuposa dashibodi.

Chachitatu: masamu anayi okha

M'miyezi itatuyo munalipira Meta K600,000 pamwezi, zonse pamodzi K1,800,000. Koma panalinso wojambula zithunzi ndi mavidiyo, bandulo ndi zolipiritsa za banki, zokwana K120,000 pamwezi, kutanthauza K360,000. Ndalama zonse zimene zinatuluka ndi K2,160,000. Musabise K360,000 imeneyi, akauntanti akuidziwa.

Mukagawa K2,160,000 ndi anthu 90, kasitomala mmodzi wakutengerani K24,000. Iyeyo wasiya K45,000. Anthu 90 asiya K4,050,000, ndipo mukachotsa zonse zimene munawononga, kampani yatsala ndi K1,890,000. Basi. Ndalama zotuluka, ogula, mtengo wopezera wogula mmodzi, ndi phindu lotsala. Reach, Impressions ndi ma Like zipite ku tsamba lomata kumbuyo, wozifuna akazipeza kumeneko.

Chachinayi: werengerani ndalama yowonjezerayo payokha

Gawo ili ndi limene ambiri amalilumpha, koma ndilo funso lenileni la dayirekitala. Iye sakutsutsa kuti K600,000 inagwira ntchito. Akufuna kudziwa ngati K400,000 yowonjezera pamwamba pake idzagwiranso chimodzimodzi. Nthawi zambiri sigwira chimodzimodzi. Anthu osavuta kuwakopa munawapeza kale ndi ndalama yoyamba, otsalawo ndi ouma mutu pang'ono kapena ali kutali.

Chizindikiro chake chili mu Ads Manager momwemo. Yang'anani Frequency, imene imasonyeza kuti munthu mmodzi waona uthenga wanu kangati, muiike pambali pa Cost per result mwezi ndi mwezi. Zonse ziwiri zikamakwera limodzi, ndiye kuti mukungobwereza kwa anthu omwe aja ndipo atopa nanu. Kuthira ndalama zina pamalo omwewo kuli ngati kuwonjezera feteleza pa phando limodzi. M'chitsanzo chathu Frequency ya mu mzinda wa Lilongwe yachoka pa 1.9 mu Julayi kufika pa 3.4 mu Seputembala. Choncho memo inene kuti ndalama yatsopanoyo ipita ku Kasungu, Mchinji ndi Dedza, kumene kampani ili ndi maejenti koma sinatsatseko.

Tsopano masamu ake. Mukupempha kuchoka pa K600,000 kufika pa K1,000,000 pamwezi kwa miyezi itatu, ndiye yowonjezera ndi K1,200,000. Pa ndalama ya Meta yokha, wogula mmodzi wakhala akutenga K20,000. Zitapitirira choncho mungapeze ogula ena 60, koma musalonjeze zimenezo. Yerekezani kuti kumalo atsopanowo wogula mmodzi adzatenga K30,000. Ndiye kuti ogula owonjezera ndi 40, amene asiye K1,800,000, ndipo phindu pamwamba pa ndalama yowonjezerayo ndi K600,000.

Kenako pezani nambala imene ine ndimaiona kuti ndi mtima wa memo yonse: pakufunika ogula angati kuti ndalama yowonjezerayo ingobwerera, popanda phindu kapena kuluza. Gawani K1,200,000 ndi K45,000, mupeza 27 mukakweza kachidutswa kotsalako. Amenewo ndi anthu 9 pamwezi pamwamba pa 30 amene mukupeza kale. Dayirekitala akaona "9 pamwezi" amatha kuziyeza m'mutu mwake, chifukwa msika amaudziwa mwina kuposa inu.

Musaiwale nyengo. Julayi mpaka Seputembala ndi nthawi imene alimi ali ndi ndalama za zokolola, a fodya nawo atalandira zawo. Ikafika Novembala ndalama ya pakhomo imapita ku mbewu ndi feteleza, ndipo Januwale amabwera ndi fizi komanso njala. Kutenga zotsatira za nyengo yokolola n'kuzipachika pa nyengo yodzala ndi kudzinamiza. Nenani poyera kuti mwaganizirapo, ndipo n'chifukwa china chimene mwagwiritsira ntchito K30,000 m'malo mwa K20,000. Za dola nazonso zitchulidwe. Amene anali pa ntchitoyi mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira kuti bajeti yomweyo ya makwacha inayamba kugula madola ochepa usiku umodzi wokha. Lembani mtengo wa dola umene mwawerengera, ndipo munene kuti malire ndi a makwacha, simudzawadumpha.

Chachisanu: funsani anzanu ngati angakwanitse

Mauthenga 400 pamwezi ndi pafupifupi 15 pa tsiku la ntchito. Bajeti ikakwera akhoza kudutsa 600. Ngati woyankha ndi mtsikana mmodzi amene amagwiranso ntchito pa kauntala, mauthenga azigona osayankhidwa, ndipo kasitomala wofunsa Lachisanu madzulo n'kuyankhidwa Lolemba amakhala atagula kale kwina. Funsaninso a ku sitolo ngati maseti 130, a ogula 90 a nthawi zonse ndi 40 owonjezera pa miyezi itatuyo, alipo kapena ali m'njira. Zonsezi zimatenga mzere umodzi mu memo, koma muufunse kaye kwa eni ake, asadzadzidzimuke akuumva koyamba pa miting'i.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani, tsamba limodzi

Pempho likhale m'chiganizo choyamba. Chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa kuzungulira kaye tisanapemphe kanthu kwa wamkulu, ndipo pakamwa n'zabwino ndithu. Koma memo imawerengedwa mothamanga, mwina pa foni, pakati pa miting'i ina ndi inzake. Ulemu wake ndi kusawatayitsa nthawi. Nayi memo ya chitsanzo chathu:

Kwa: Dayirekitala
Kuchokera kwa: Ofisala wa zamalonda
Kope: Akauntanti
Tsiku: 1 Okutobala
Mutu: Pempho lowonjezera bajeti yotsatsira pa Facebook ndi K400,000 pamwezi, Okutobala mpaka Disembala

Bwana,

Ndikupempha kuti muvomereze kukweza bajeti yotsatsira pa Facebook kuchoka pa K600,000 kufika pa K1,000,000 pamwezi kwa miyezi itatu. Ndalama yowonjezera yonse ndi K1,200,000. Ndingathokoze mutandiyankha pofika pa 4 Okutobala.

Kuyambira Julayi mpaka Seputembala tinagwiritsa ntchito K2,160,000, kuphatikizapo kujambula, bandulo ndi zolipiritsa za banki. Anthu 1,200 anatilembera pa WhatsApp ndipo 112 anagula. Ndachotsapo makasitomala akale 22, atsala 90. Wogula mmodzi watitengera K24,000 ndipo wasiya K45,000. Phindu lotsala ndi K1,890,000. Manambalawa tawafananiza ndi malisiti komanso sitetimenti ya banki pamodzi ndi akauntanti.

Ndalama yowonjezerayi sipita ku Lilongwe, kumene anthu omwewo ayamba kuona mauthenga athu mobwerezabwereza. Ipita ku Kasungu, Mchinji ndi Dedza, kumene tili ndi maejenti. Poganizira kuti ndi malo atsopano komanso kuti alimi ayamba kugula zipangizo za ulimi, ndawerengera K30,000 pa wogula mmodzi. Ndikuyembekezera ogula owonjezera 40 ndi phindu la K600,000 pamwamba pa ndalamayi. Kuti ndalamayi ingobwerera pakufunika ogula 27, kapena 9 pamwezi.

Pa 5 Novembala ndidzakupatsani lipoti. Ngati ogula a mwezi woyamba sadzafika 39, tidzabwerera pa K600,000 nthawi yomweyo, ndipo ndalama yowonjezera imene tidzakhale titagwiritsa ntchito sidzapitirira K400,000. A ku sitolo atsimikiza kuti katundu alipo, ndipo akauntanti atsimikiza kuti khadi likhoza kulipira.

Ndamata tebulo la mwezi ndi mwezi, lipoti la Ads Manager ndi mndandanda wa malisiti.

Ndavomereza ______ Sindinavomereze ______ Tikambirane ______

Taonani ndime yachinayi ija. Imasintha pempho kuchoka pa "ndipatseni K1,200,000" kukhala "yeserani ndi K400,000, mukaona kuti sizikuyenda muimitse". Dayirekitala amene amaopa kutaya ndalama savutika kusaina akadziwa malire a zimene angataye. Ena amaopa kulemba ndime imeneyi poganiza kuti akudzitchera msampha. N'zoona, mukudzimanga. Koma mukapanda kuika muyezo nokha, abwana adzaika wawo pakati pa ulendo, mwina tsiku limene adzuke atakwiya ndi zina.

Mawu ngati "tikhala otchuka", "anzathu akutiposa" kapena "masiku ano aliyense ali pa intaneti" musawalembe. Sayezeka, ndipo abwana anawamva kale kwa aliyense wofuna ndalama. Musanenenso kuti ndalamayo ichotsedwe ku wailesi kapena ku zikwangwani za m'misewu, pokhapokha mutakhala ndi manambala a kumeneko owerengedwa mwa njira yomweyi. Kupanda kutero mwangodzipezera mdani pa ofesi popanda umboni.

Musanatumize, komanso ikasainidwa

Ipatseni akauntanti aiwerenge kaye. Akapeza cholakwika chimodzi n'chabwino achipezere kuseri kusiyana ndi pamaso pa abwana. Yang'ananinso kuti masiku a lipoti la Ads Manager ndi a malisiti akufanana, 1 Julayi mpaka 30 Seputembala konsekonse. Cholakwika chofala ndi kutulutsa lipoti la Last 30 days mosazindikira n'kuliika pambali pa malonda a miyezi itatu. Mumachizindikira mukaona mtengo wa wogula mmodzi watsika modabwitsa.

Nthawi yotumizira nayonso muiganizire. Sabata ya malipiro a antchito, kapena pamene kampani ikusakasaka ndalama zoombolera katundu pachipata, pempho lililonse limaoneka ngati chipongwe. Mlembi wa abwana amadziwa masiku abwino, mufunseni.

Akayankha kuti "tikambirane", pitani ndi manambala a theka la pempho okonzeratu: K200,000 pamwezi, boma limodzi lokha, ogula owonjezera 5 pamwezi kuti ndalama ibwerere. Akakana, funsani mwaulemu kuti ndi nambala iti imene sanakhutire nayo, muilembe, mudzabwere nayo pakatha miyezi itatu.

Akasaina, musakweze ndalama ya tsiku kuchoka pa K20,000 kufika pa K33,000 nthawi imodzi pa kampeni yakale. Kusintha kwakukulu kumatha kubwezera mauthenga anu pa gawo limene Meta imalilemba kuti Learning, pamene makina amayambiranso kufufuza anthu oyenera, ndipo mitengo imasinthasintha mpaka atapeza zotsatira pafupifupi 50 m'sabata imodzi. Ya Lilongwe isiyeni momwe iliri. Maboma atatuwo muwatsegulire kampeni yawoyawo yokhala ndi kachizindikiro kena, monga SL5, kuti pa 5 Novembala mudzathe kusonyeza ogula amene anabwera ndi K400,000 ija payokha. Tsikulo lilembeni pa kalendala lero, ndipo lipotilo lidzafike pa desiki ya abwana m'mawa, kaya ogula afika 39 kapena ayi.